Mafunso ndi mayankho: pesentailo, kwatailo ndi mizere ya m'buku la mwana la kusikelo

Mafunso awa amabwera mobwerezabwereza, ena kuchokera kwa azimayi amene angochoka kusikelo ku Ndirande kapena ku Zingwangwa atauzidwa kuti mwana watsika mzere, ena kwa makolo amene aika pulogalamu ya pa foni yowauza kuti mwana wao ali pa pesentailo yakuti, komanso kwa ana a sekondale amene akulimbana ndi makwatailo mu masamu. Nkhani yake ndi imodzi yomweyo nde tayiika pamodzi. Makilo amene tatchula kuti ndi a WHO ndi ochokera pa matebulo ao enieni, koma ana a m'zitsanzo ndi ongoyerekeza.

Pesentailo ndi chani kwenikweni?

Ndi malo amene munthu waima pa mzere. Tengani ana aamuna 100 athanzi, onse a chaka chimodzi ndendende, muwayeze pa sikelo kenako muwandandalike kuyambira wopepukitsitsa mpaka wolemetsetsa. Mwana amene ali pa pesentailo 15 ndi amene waposa anzake pafupifupi 15 pa kulemera, ndipo ena 85 amuposa iye. Wa pa pesentailo 50 ali pakati penipeni, theka lili kumbuyo kwake theka lili kutsogolo.

Nambala ya pesentailo payokha siikuuzani makilo, imangonena kuti ndi angati mwa 100 alionse amene ali pansi pake. Kuti mudziwe makilo pamafunika tebulo. Pa tebulo la WHO la anyamata a miyezi 12, pesentailo 3 ndi makilo 7.8, pesentailo 15 ndi 8.6, ya 50 ndi 9.6, ya 85 ndi 10.8 ndipo ya 97 ndi 11.8. Nde mwana wamwamuna wa chaka chimodzi akalemera 8.6 timati ali pa 15, basi.

Ndiye kuti pesentailo 15 ndi chimodzimodzi kupeza 15 peresenti pa mayeso?

Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amadandaulira zinthu zosafunika kudandaula. Peresenti ya mayeso imanena kuti pa malikisi 100 mwatolapo angati. Pesentailo imanena kuti mwaposa anthu angati. Mwana wa pa pesentailo 15 sikuti ali ndi 15 peresenti ya thupi lomwe amayenera kukhala nalo, onani manambala aja, iye ali ndi 8.6 pamene wapakati ali ndi 9.6, kusiyana kwake ndi kilo imodzi yokha. Komanso kumbukirani kuti ana 100 aja tinati onse ndi athanzi. Pa mzere wa ana athanzi okhaokha payenerabe kupezeka wina woima pa nambala 15, wina pa nambala 5, sizingatheke kuti onse aunjikane pa 50.

Ana amene akumuyerekeza nao mwana wangayo ndi akuti, si ana a azungu amenewo?

Funso ili ndi lomveka ndipo timalimva kwambiri kwa azigogo. Mizere yomwe ikugwiritsidwa ntchito masiku ano inatulutsidwa ndi WHO mu 2006, itatha kafukufuku amene anachitika kuyambira 1997 mpaka 2003 pa ana oposa 8,000 a m'maiko asanu ndi limodzi: Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi Amerika. Sanangotola mwana aliyense, anasankha ana oyamwitsidwa, amayi ao osasuta fodya, okhala m'makomo momwe chakudya ndi chithandizo cha kuchipatala sizimavuta. Chomwe anapeza ndi chakuti ana aang'ono a ku Ghana ndi a ku Norway akaleredwa mofanana chonchi amakula pafupifupi mofanana.

Nde tchati ija siikunena m'mene ana a ku Bangwe akukulira panopa, ikunena m'mene mwana amakulira zinthu zikakhala bwino. Kusiyana kumeneku ndi kwakukulu ndipo tikubwereranso pa funso la makwatailo ndi la kupinimbira.

M'buku la mwana wanga mulibe 15 kapena 85, muli 0, -2 ndi -3. Zikugwirizana bwanji?

WHO inasindikiza ma tchati amitundu iwiri kuchokera pa ana omwewo. Ina ili ndi mizere ya pesentailo, 3, 15, 50, 85 ndi 97, ndipo ndi imene mapulogalamu ambiri a pa foni amakonda. Ina ili ndi mizere ya masitepe, kuwerenga kuti mwana watalikira masitepe angati kuchokera pakati, ndipo mtundu umenewu ndi umene a zaumoyo kuno amagwiritsa ntchito kwambiri. Mzere wa 0 ndi pesentailo 50 yomwe ija. Mzere wa -1 uli cha pa pesentailo 16, wa -2 uli pang'ono pamwamba pa pesentailo 2, kutanthauza kuti mwa ana athanzi 100 awiri kapena atatu okha ndi amene angapezeke pansi pake. Wa -3 uli kutali kwambiri moti mwa ana athanzi 1,000 mungapezeko mmodzi kapena awiri.

Kwa mnyamata wa miyezi 12, mzere wa -2 uli pa makilo 7.7 ndipo wa -3 uli pa 6.9. Chifukwa chake achipatala amakonda masitepe ndi chimenechi: mwana wa makilo 6.8 ndi wa makilo 6.0 onse pa pesentailo angongolembedwa kuti ali pansi pa 1, ngati kuti ndi ofanana, pamene wachiwiriyo ali pa ngozi yoposa. Kumapeto kwa mzere pesentailo imasiya kusiyanitsa, masitepe amapitirizabe kuwerenga.

Mwana wanga ali pansi pa mzere wapakati, ndide nkhawa?

Theka la ana athanzi lili pansi pa mzere umenewo, chifukwa ndi m'mene unapangidwira. Chofunika kuyang'ana si kadontho ka lero kokha koma njira imene madontho akhala akuyenda mwezi ndi mwezi. Tiyeni titenge anyamata awiri amene abwera kusikelo tsiku limodzi, onse a miyezi 12, onse sikelo yawerenga 8.6.

Woyamba ali ndi miyezi 6 ankalemera 7.1, pa miyezi 9 anafika 7.9, lero 8.6. Mukayang'ana pa tebulo, 7.1 pa miyezi 6 ndi pesentailo 15, 7.9 pa miyezi 9 ndi 15 yomweyo, lero ali pa 15. Mwana ameneyu ndi wathupi laling'ono koma akukwera motsatira mzere wake osauphonya, mwina makolo akenso ndi anthu ang'onoang'ono, kapena anabadwa wochepa nkumapitiriza bwinobwino.

Wachiwiri pa miyezi 6 anali ndi makilo 8.9, imene ili pesentailo 85, mwana wonenepa amene aliyense mu minibasi ankati koma mwanayu akudya bwino. Pa miyezi 9 sikelo inawerenganso 8.9, apa anali atagwera kale pa 50 ngakhale makilo sanatsike, chifukwa anzake anapitiriza kukwera iye ataima. Lero ali pa 8.6, pesentailo 15. Pa miyezi isanu ndi umodzi wadumpha kuchoka pa 85 kufika pa 15, ndipo sanafikebe pa mzere wa -2, moti munthu wongoyang'ana kadontho ka lero anganene kuti zili bwino. Sizili bwino. Ameneyu ndi wofunika kuti adokotala amuone sabata yomweyo, afunse za kutsegula m'mimba kobwerezabwereza, malungo, chifuwa chosatha, ngati wasiya kuyamwa mwadzidzidzi, komanso phala lomwe akudya, chifukwa nthawi imene ana amayamba zakudya zina pa miyezi 6 ndi imene mzere umakonda kugona ngati phala lake lili lamadzimadzi lopanda nsinjiro kapena mafuta. Pa miyezi 9 paja, pamene mzere unagona, ndi pamene panayenera kufunsidwa mafunso.

Ichi ndi chifukwa chake timalimbikira zoti musasiye sikelo mwana akangomaliza katemera, komanso buku lisatayike. Kadontho kamodzi sikangakuuzeni kuti mwana wanu ndi woyamba uja kapena wachiwiri.

Nanga kwatailo ndi chani?

Ndi mapesentailo atatu amene amadula mzere uja m'magawo anayi ofanana. Kwatailo yoyamba ndi pesentailo 25, yachiwiri ndi 50 imene imatchedwanso midiyani, yachitatu ndi 75. M'mabuku a masamu amazilemba Q1, Q2 ndi Q3. Pakati pa Q1 ndi Q3 pamakhala theka la gulu lonse, anthu apakatikati aja, ndipo mukachotsera Q1 pa Q3 mumapeza kutambasuka kwa theka limeneli.

Makwatailo ndingawapeze bwanji ndi pepala ndi bolopeni?

Tiyerekeze kuti mlangizi wa zaumoyo wayeza anyamata 11 a chaka chimodzi m'mudzi wina ku Chilomoni. Choyamba, ndipo ndi chimene ana asukulu amaiwala, muyenera kuwandandalika kuyambira wochepa:

7.6, 8.1, 8.4, 8.8, 9.0, 9.2, 9.5, 9.7, 10.1, 10.6, 12.4

Wapakati ndi wa nambala 6, ali ndi anzake asanu kumanzere ndi asanu kumanja, nde midiyani ndi 9.2. Kenako tengani asanu a kumanzere okha, 7.6 mpaka 9.0, wapakati pao ndi 8.4, imeneyo ndi Q1. Asanu a kumanja, 9.5 mpaka 12.4, wapakati pao ndi 10.1, ndiye Q3. Kutambasuka kwa theka lapakati ndi 10.1 kuchotsera 8.4, tikupeza makilo 1.7. Anawo akanakhala 12 sipakanakhala mwana mmodzi woima pakati, mukanatenga awiri apakatiwo, wa nambala 6 ndi wa nambala 7, kuphatikiza makilo ao nkugawa pawiri.

Tsopano taonani chinthu ichi. Mwana wa 9.2 uja ndi wapakati pa anzake a m'gulu ili, mayi ake akamuyerekeza ndi ana a maneba aziona kuti ali bwinobwino pakati, koma pa tchati ya WHO wapakati ndi 9.6 nde iye ali pansi pang'ono. Wa 8.4 ali pa kwatailo yoyamba m'gulu lake, kutanthauza cha pa 25, pamene pa tchati ali pansi pa 15. Ndipo wa 7.6 wadutsa mzere wa -2. Pesentailo nthawi zonse imafuna funso loti pakati pa ndani, mukasintha gulu nambala imasinthanso ngakhale mwana ndi sikelo zili zomwezo.

Bwanji osangogwiritsa ntchito avereji?

Pa ana 11 aja, mukaphatikiza makilo onse mupeza 103.4, kugawa ndi 11 avereji ndi 9.4, siili kutali ndi midiyani ya 9.2. Koma tiyerekeze kuti wolemba mu kaundula anatembenuza manambala, m'malo mwa 12.4 nkulemba 21.4. Avereji ikwera kufika 10.2, kuposa ana asanu ndi anayi a m'gululo, pamene midiyani ikhalabe 9.2, Q1 ndi Q3 osasuntha olo pang'ono, chifukwa izo zimangoona kuti mwanayo ndi womaliza pa mzere, sizisamala kuti watalikira bwanji.

Makwatailo amathandizanso kugwira cholakwika chotere. Pali lamulo lodziwika loti muchulukitse kutambasuka kuja ndi 1.5, apa 1.7 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 2.55, muwonjezere pa Q3 mupeza 12.65. Nambala iliyonse yopitirira apo ndi yofunika kuibwereza. 12.4 ili mkati, ndi mwana wamkulu thupi chabe, koma 21.4 ili kunja kutali. Lamuloli silikuti muifufute, likuti pitani mukaonenso m'buku.

Ndawerengetsa pamanja ndapeza 8.4 koma kompyuta ikuti 8.6, walakwa ndani?

Palibe walakwa. Njira zopezera makwatailo zilipo zingapo ndipo zimasiyana pa nkhani yoti wapakati uja awerengedwe nao m'magawo awiri aja kapena ayi. Mu Excel, makilo aja mutawaika kuyambira A1 mpaka A11:

```
=QUARTILE.EXC(A1:A11,1)
=QUARTILE.INC(A1:A11,1)
```

Yoyambayo ikupatsani 8.4 ngati m'mene tachitira pamanja, yachiwiriyo ikupatsani 8.6, pakati pa 8.4 ndi 8.8. Pa Q3 yoyamba ipereka 10.1, yachiwiri 9.9. Gulu likakhala la anthu mazanamazana kusiyana kumeneku kumachepa mpaka osaonekanso. Ngati ndi za mayeso tsatirani njira ya m'buku lomwe aphunzitsi anu akugwiritsa ntchito ndipo muonetse masitepe onse, ngati ndi lipoti la kuntchito nenani njira imene mwatsata ndipo musaisinthe pakati.

Pulogalamu ya pa foni inati 45 mwezi watha, pano ikuti 36. Akudwala?

Mwina ayi. Pakati pa mzere ana amakhala othithikana kwambiri. Kuchoka pa pesentailo 15 kufika pa 50 pali kilo imodzi yokha koma muli malo 35, nde magalamu 30 okha akhoza kumusuntha mwana malo amodzi. Mwana akakwera sikelo atavala juzi ya mu Juni, thewera lonyowa ndi tinsapato, magalamu 300 amakwana mosavuta, amenewo ndi malo khumi. Mwezi wotsatira mwamuyeza atavula, asanayamwe, mukuona ngati watsika. Kumapeto kwa mzere zinthu zimasiyana, kuchoka pa 3 kufika pa 15 ndi magalamu 800 pa malo 12 okha, nde kutsika malo asanu kumeneko ndi nkhani yaikulu kuposa kutsika malo asanu pakati.

Kugwedezeka kwa malo asanu kapena khumi cha pakati musataye nako tulo. Chodetsa nkhawa ndi ngati cha mnyamata wachiwiri uja, makilo osakwera kwa miyezi iwiri itatu, kapena kutsika kumene, kapena kuoloka mizere yosindikizidwa kupita pansi.

Ndi zolakwika ziti zimene zimachitika poika kadontho?

Chachikulu ndi kuwerenga miyezi ya mwana. Kadontho kamaikidwa pamene mzere wa miyezi wakumana ndi mzere wa makilo, nde miyezi ikawerengedwa molakwika zonse zasokonekera. Makilo 7.9 ndi pesentailo 50 kwa mnyamata wa miyezi 6 koma ndi 15 kwa wa miyezi 9. Tsiku lobadwa likhale lolembedwa bwino ndipo miyezi imene imawerengedwa ndi yokhayo yakwanira.

China ndi tsamba. Atsikana ali ndi tchati yao, wapakati wa miyezi 12 ndi makilo 8.9 osati 9.6, nde mtsikana woikidwa pa tchati ya anyamata aoneka ngati wotsalira asali wotsalira. Sikelo yolendewera ija iyenera kubwezedwa pa 0 kabudula woyezera atakolekedwa kale, ndipo ndi bwino kumayezetsa pa sikelo imodzi chifukwa ya ku Limbe ndi ya kwa dokotala wapulaiveti sizingafanane ndendende. Mwana wobadwa masiku asanakwane naye amafuna kuchotsera, wobadwa pa masabata 32 anafulumira ndi masabata 8, nde akakwana miyezi 6 amayerekezedwa ndi a miyezi 4, ndipo kuchotseraku kumapitirira mpaka cha pa zaka ziwiri. Mukaona kuti kadontho kadumpha modabwitsa, pemphani mwaulemu kuti amuyezenso pompo, a zaumoyo ambiri sakana.

Ngati ali pa mzere wabwino wa makilo ndiye kuti zonse zili bwino?

Osati nthawi zonse. Tchati ya makilo ndi miyezi siiona kutalika, nde mwana wamtali woonda ndi mwana wamfupi wonenepa akhoza kugwera pa kadontho kamodzi. Ndi chifukwa chake amayezanso kutalika, chogona kwa osakwana zaka ziwiri, choimirira kwa opitirira apo, komanso amakulunga kalamba ka mitundu kaja pa mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka 59. Kakawerenga pansi pa masentimita 11.5 ndi pofiira, kunyentchera koopsa kofunika chiponde ndi mankhwala, pakati pa 11.5 ndi 12.5 ndi pachikasu.

Choopsa kwambiri ndi kutupa. Mwana wotupa mapazi onse awiri chifukwa chosowa zakudya m'thupi amalemera ndi madzi, sikelo ikhoza kuonetsa ngati wakwera pamene akudwala kwambiri. Mukadina pamwamba pa mapazi onse ndi chala kwa masekondi atatu pakatsala kadzenje, musadikire tsiku la sikelo ndipo musayang'anenso za pesentailo, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ku Kwinzi kuli wodi ya Moyo imene imagona ana oterewa.

Akamati ana ambiri ku Malawi ndi opinimbira amawerenga bwanji?

Amagwiritsa ntchito mzere wa -2 womwe uja koma pa tchati ya kutalika. Tanena kale kuti pakati pa ana okula bwino, awiri kapena atatu pa 100 ndi amene amapezeka pansi pake. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti kuno ana 37 pa 100 osakwana zaka zisanu anali pansi pa mzerewo. Zikafika pamenepo diso limanama, mwana wopinimbira akaima pakati pa anzake a m'dera lomwelo amaoneka wamsinkhu wabwino chifukwa gulu lonse latsikira limodzi. Tikanati tipange tchati kuchokera pa ana athu m'mene alili panopa, ambiri mwa ana amenewa akanagwera pa pesentailo 20 kapena 30 nkumaoneka ngati alibe vuto.

Kodi pozishoni ya mwana m'kalasi ingasinthidwe kukhala pesentailo?

Eya, ndipo imathandiza poyerekeza makalasi osiyana kukula. Werengani ana amene ali kumbuyo kwake, mugawe ndi ana onse, muchulukitse ndi 100. Wa nambala 12 m'kalasi ya ana 80 wasiya 68 kumbuyo, 68 kugawa ndi 80 ndi 0.85, ali pa pesentailo 85, mkati mwa gawo lapamwamba la magawo anayi aja. Msuweni wake wa nambala 12 yomweyo m'kalasi ya ana 20 wasiya 8 okha, ali pa 40, pansi pa midiyani. Onse kunyumba akanena kuti ndakhala nambala 12. Ana angapo akafanana malikisi, njira yodziwika ndi kuwerenga theka la ofanana nayewo ngati ali kumbuyo.

Samalani ndi mbali imene mukuwerengera. Pa MSCE giredi 1 ndi yapamwamba, 9 ndi kulephera, ndipo mapointi 6 pa maphunziro asanu ndi limodzi ndiwo abwino koposa, nde mukandandalika mapointi kuyambira ochepa, kwatailo yoyamba ndi imene ili ndi ana okhoza bwino, mosiyana ndi malikisi. Komanso pozishoni imadalira anzake a m'kalasimo monga tinaonera ndi ana 11 aja. Mwana akhoza kukweza malikisi kuchoka pa 55 kufika 65 koma pozishoni nkutsika chifukwa anzake akwera kuposa iye, kapena kusamukira sukulu ina nkuchoka pa nambala 3 kufika pa 25 nzeru zake zili zomwezo, nde pa lipoti muziyang'ana zonse zitatu, malikisi, pozishoni ndi chiwerengero cha ana m'kalasi.